Makomando ndi asilikali wamba: mafunso omwe anthu amafunsa kawirikawiri kuno ku Mangochi

Nkhani ya makomando imabuka pafupipafupi kuno, makamaka kwa anyamata omwe akulakalaka kulowa usilikali komanso makolo awo. Ena amati munthu akangovala chipewa chamtundu wina ndiye kuti ndi komando, ena amati asilikali onse a ku Monkey Bay ndi makomando poti amayenda pamadzi. Ndasonkhanitsa mafunso omwe amabwerabe nthawi ndi nthawi. Zitsanzo zambiri ndatenga ku Britain ndi ku America chifukwa ndi komwe kasankhidwe kawo kanalembedwa poyera.

Kodi makomando ndi ndani kwenikweni, nanga akusiyana pati ndi asilikali wamba?

Asilikali wamba omwe tikunena pano ndi aja oyenda pansi, omwe ntchito yawo ndi kulanda malo nkuwasunga. Amagwira ntchito mwaunyinji. Sekishoni imakhala ndi anthu 8 kapena 10, masekishoni atatu apanga pulatuni ya anthu pafupifupi 30, mapulatuni atatu apanga kampani ya anthu 100 ndi kuposerapo, nde makampani angapo apanga batalioni ya anthu mazanamazana. Mphamvu yawo ili pa kuchulukako, pa mfuti zikuluzikulu zowathandiza kumbuyo, komanso pa kumvera lamulo mofanana onse.

Makomando, omwe ena amangoti masipesho fosi, ndi timagulu ting'onoting'ono totumidwa ntchito yomwe gulu lalikulu silingaigwire osaonekera. Kukazonda mdani kwa masiku ali chete mthengo, kukapulumutsa anthu ogwidwa, kukagwira mtsogoleri mmodzi, kapena kukaphunzitsa asilikali adziko lina. Gulu la SAS la ku Britain linayambitsidwa mu 1941 ndi David Stirling mchipululu cha kumpoto kwa Africa, ndipo ntchito yawo inali yozembera kumbuyo kwa mdani nkukaononga ndege zili pansi pabwalo. Amenya, abwerera. Malo samasunga, ndipo mpaka lero kusiyana kwakukulu kuli pomwepo.

Nde kuti komando mmodzi angathe kumenya asilikali khumi?

Ayi achimwene, zimenezo nza mmavidiyo sho. Chipolopolo chimalowa mthupi la komando chimodzimodzi ndi la wina aliyense. Anthu anayi akakumana ndi pulatuni pamtetete masanasana, anayiwo ali pamavuto aakulu, ndipo chomwe anaphunzitsidwa ndi kuombera mwamphamvu kwakanthawi kochepa kuti apeze mpata othawa. Chomwe chimawapatsa mwayi ndi kufika mosayembekezeka, usiku, atadziwiratu bwino malowo. Mwayi umenewu ukangotha amasanduka anthu ochepa okhala ndi zipolopolo zochepa. Onani funso la zomwe zinachitika ku Mogadishu mmunsimu.

Amawasankha bwanji?

Titenge ku Britain. Munthu sachoka kumudzi kulunjika ku SAS, amayamba wakhala msilikali kale, nkudzipereka yekha. Palibe okakamizidwa. Mayeso amachitika kawiri pachaka, nyengo yotentha ndi yozizira, ndipo gawo loyamba limachitikira mmapiri a Brecon Beacons ku Wales komwe kuli phiri la Pen y Fan lotalika mamita 886.

Mmene zimakhalira ndi izi. Mmamawa amakupatsa malo pamapu, iwe usenze chikwama chako ndi mfuti, utenge kampasi, uzipita wekha. Ukafika pamalopo upeza mlangizi yemwe angokupatsa malo ena, osakuuza kuti atsala angati komanso osakuuza kuti nthawi yako ili bwino kapena ayi. Misewu sakulola kuitsata. Chikwama amatha kuchiyeza panjira, chikapezeka chopepuka ndi mlandu. Tsiku ndi tsiku mtunda ukuonjezereka, katundu akulemera, mapazi akutupa, ndipo pamapeto pali ulendo wa makilomita 64 oyenera kutha mmaola 20 utasenza makilogalamu pafupifupi 25 osawerengera mfuti ndi madzi. Tingoti kuchoka pa boma pano kulowera ku Monkey Bay wapansi ndi theka la thumba lachimanga kumsana, koma njira yonse ili yokwera ndi kutsika mapiri, mbali ina mumdima.

Chomwe anthu ambiri sachidziwa nchoti alangizi kumeneko sakalipa ngati mmene amachitira ndi ma rikuluti. Samakulimbikitsanso. Amangokuyang'ana nkulemba. Ku maphunziro oyamba ausilikali sajeni amakukuwira kuti usaime, ndiye mbali ina ya mphamvu zako imachokera kwa iye ndi kwa anzako omwe muli nawo pamzere. Kunoko zonsezo amazichotsa dala kuti aone ngati ungayendebe palibe okuona, ndipo ukati ndatopa palibe okunyengerera, amangokukweza galimoto ubwerere ku gulu lako. Ambiri amagwa chonchi, osati pochotsedwa koma posiya okha kapena kuvulala. Mwa anthu khumi oyamba, pafupifupi mmodzi ndi yemwe amafika kumapeto kwa mayeso onse, ndipo mwayi oyesera amapatsidwa kawiri basi.

Akadutsa mapiri amapita kunkhalango yowirira, kawirikawiri ku Brunei. Uku akuyesa china. Kumapiri unali wekha, kunkhalango muli anayi masabata angapo, mvula, thukuta, tizilombo, zovala zosauma. Apa mpomwe amaona yemwe amasiya mfuti yake ichite dzimbiri, yemwe amagona pa ulonda, yemwe akatopa amayamba kulalatira anzake. Munthu wamphamvu kwambiri kumapiri atha kugwera pano chifukwa cha khalidwe. Chomaliza ndi kuthawa ukusakidwa, wanjala, kenako nkugwidwa ndikufunsidwa mafunso kwa maola pafupifupi 36 osagona bwino, kuti aone ngati ungasunge pakamwa.

Ku America nakonso ndi chimodzimodzi?

Cholinga nchimodzi koma njira zimasiyana. Kumeneko kuli mwayi oti wachinyamata alowe usilikali ndi pangano loti akayesere ukomando akangomaliza maphunziro oyamba. A Navy SEALs, omwe ndi apamadzi, kosi yawo yoyamba ndi ya masabata 24 ku Coronado ku California, ndipo mkati mwake muli sabata ya masiku asanu ndi theka pomwe tulo tonse pamodzi ndi maola pafupifupi 4, nthawi yambiri ali onyowa ndi madzi ozizira, akunyamula bwato pamutu ndi zipika mmagulu. Ofuna kusiya amaimba belu katatu nkuika chipewa chake pansi. Iwowa ndiye alangizi amakalipa ndithu. A zipewa zobiriwira, omwe ndi apamtunda, amayesedwa kaye pafupifupi masabata atatu ku Camp Mackall ku North Carolina, kuyenda ndi mapu usiku komanso ntchito zapagulu zovuta dala, ndipo anzako omwe amafunsidwa kuti kodi uyu mungafune kupita naye kunkhondo?

Nde chachikulu ndi mphamvu eti?

Mphamvu ndi chitseko cholowera chabe. Aliyense ofika kumayeso amakhala olimba kale. Kutopetsa konse kuja ndi njira yofikira pomwe akufuna, kuti aone mutu wako umagwira bwanji pomwe thupi latha. Kodi ungawerengebe mapu molondola utayenda maola 15? Ukasochera umavomera msanga nkubwerera pomwe umadziwa, kapena umangolimbikira kutsogolo chifukwa cha manyazi? Ukapatsidwa uthenga usiku, mmawa ungaubwereze osaonjezera zako?

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Msilikali wa mu pulatuni ali ndi kopolo, sajeni ndi ofesala pafupi, akalakwitsa pali omukonza. Komando atha kukhala kutali ndi akuluakulu ake, wailesi osagwira, ndipo chomwe angaganize pamenepo chikhoza kuyambanitsa maiko awiri. Nchifukwa chake magulu amenewa amakonda anthu okhwimako maganizo, ndipo ambiri mwa iwo ndi okulirapo msinkhu kuposa anyamata a mu batalioni. Ine ndimaona kuti apa mpomwe achinyamata athu amaphonya, amathera nthawi yonse pa kunyamula zitsulo pomwe kuwerenga mapu, masamu apang'ono ndi kudziletsa mkwiyo sakuziganizira nkomwe.

Anthu amafa pa mayeso amenewa?

Eya, zimachitika, ndipo sichinthu chonyadira. Mu Julaye 2013 asilikali atatu anamwalira chifukwa cha kutenthedwa thupi pa ulendo wamayeso mmapiri a Brecon Beacons omwe aja, ndipo kafukufuku anapeza kuti okonza ulendowo analephera kuwasamala. Kutentha kwa tsiku limenelo sikungafike pa kwa Okutobala kuno ku Mangochi.

Nde kwa inu omwe mumathamanga ndi zikwama zamchenga kukonzekera usilikali, chonde mverani. Thupi likamagwira ntchito yolemetsa padzuwa limapanga kutentha kochuluka kuposa komwe lingataye. Zizindikiro zoyamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu. Mnzanu akayamba kudzandira, kuyankhula zosamveka kapena kukwiya popanda chifukwa, ndiye zafika poopsa ngakhale akutulukabe thukuta. Muimitseni, mvuleni katundu, pamthunzi, mthireni madzi thupi lonse nkumamupepesa mphepo, ndipo muthamangire naye kuchipatala. Iye adzakana nkumati ali bwino, musamumvere, mutu wake sukugwira nthawi imeneyo. Thamangani mbandakucha, ndipo musamapite nokha.

Akasankhidwa amaphunzira chani chomwe asilikali enawo saphunzira?

Kusankhidwa ndi chiyambi chabe. Msilikali oyenda pansi wa ku Britain amaphunzira pafupifupi miyezi 6 nkupita ku batalioni. Wa chipewa chobiriwira ku America, yemwe ndi msilikali kale, amaonjezera chaka kapena kuposerapo asanatumidwe.

Tione timu yawo ya anthu 12, chifukwa ikuonetsa bwino maganizo ake. Muli kaputeni otsogolera ndi wachiwiri wake, sajeni wamkulu oyendetsa timu, ndi wina oona zaukazitape. Asanu ndi atatu otsalawo ali awiriawiri: awiri azida, awiri a zomanga ndi zophulitsa, awiri achipatala, awiri a mawailesi. Awiriawiri chifukwa timu itha kugawidwa pakati nkukhala magulu awiri a anthu 6 aliyense ali ndi zonse, komanso wina akavulala luso lake lisathere pomwepo. Pamwamba pa izi amaphunzitsana, wazida adziweko kuika diripi, wachipatala adziweko wailesi. Wachipatala wawo amaphunzira nthawi yaitali kuposa anzake poti ayenera kusunga ovulala wamoyo kwa masiku pomwe kulibe chipatala, ndipo amathandizanso odwala akumudzi komwe ali. Aliyense amaphunziranso chiyankhulo chadera lomwe azikagwira.

Palinso kuombera mkati mwa nyumba momwe muli adani osakanikirana ndi anthu osalakwa. Izi amazibwereza kambirimbiri ndi zipolopolo zenizeni mpaka diso lizolowere kuyang'ana manja amunthu kaye lisanaombere. Mu Meyi 1980 a SAS analowa mu ofesi ya kazembe wa Iran ku London momwe zigawenga 6 zinagwira anthu, ndipo ntchito yonse inatha mmphindi pafupifupi 17. Kumbuyo kwa mphindi zimenezo kunali zaka zobwereza zomwezomwezo.

Ndimamva kuti ntchito yawo yambiri ndi yophunzitsa ena, nzoona?

Kwa a zipewa zobiriwira nzoona ndithu. Timu ya 12 ija inapangidwa kuti ikathe kuphunzitsa ndi kulangiza asilikali mazana adziko lina, ndipo mayeso awo omaliza, otchedwa Robin Sage, ndi sewero la masabata pomwe ayenera kugwirizana ndi mtsogoleri wazigawenga ovuta kumva, omwe akusewera ndi anthu ena. Ukalephera kumunyengerera walephera kosi ngakhale uli katswiri pa mfuti.

Koma si mlendo aliyense obwera kudzaphunzitsa yemwe ali komando. Asilikali a ku Britain omwe anabwera kudzathandiza ma renja ku Liwonde kuno pafupi polimbana ndi opha nyama mozemba anali ochokera mmagulu wamba.

Tipatseni chitsanzo chenicheni cha mmene amagwiritsidwira ntchito

Cha ku Sierra Leone mu 2000 ndi chomwe chimaonetsa bwino magulu awiriwa ali limodzi. Pa 25 Ogasiti, asilikali 11 a ku Britain a gulu la Royal Irish Regiment pamodzi ndi ofesala mmodzi wa ku Sierra Leone anagwidwa ndi zigawenga zotchedwa West Side Boys, mtsogoleri wawo Foday Kallay. Anawasunga pamudzi wa Gberi Bana mmbali mwa mtsinje wa Rokel. Tsidya lina, pamudzi wa Magbeni, panali zigawenga zina zambiri ndi mfuti zazikulu zotha kuombera kuoloka mtsinje. Pokambirana ena anamasulidwa, nkutsala asilikali 5 ndi ofesala uja, ndipo zokambirana zinayamba kusokonekera.

Choyamba sanathamangire kuombera. Makomando apamadzi anaolotsa timagulu ta azondi pamaboti usiku, iwo nkukabisala mthengo pafupi ndi midziyo kwa masiku, akuona nyumba yomwe muli ogwidwa, pomwe pali mfuti, ndi nthawi yomwe zigawenga zimagona. Zomwe anatumiza ndi zomwe zinasintha pulani. Kuyenda pansi mozemba ndi gulu lalikulu sikukanatheka chifukwa cha kuwirira kwa thengo, ndipo mtsinje unali ovuta ndi mchenga komanso kuthamanga kwa madzi. Kunatsala kubwera ndi ndege molunjika, podziwa kuti phokoso likangomveka pakhala mphindi zochepa ogwidwawo asanaphedwe.

Mbandakucha pa 10 Seputembala mahelikopita akuluakulu a Chinook anafika. A SAS anatsika ndi zingwe pa Gberi Bana pomwepo, azondi aja akuombera kutchinga kuti zigawenga zisafike panyumba ya ogwidwa, ndipo pasanathe theka la ola ogwidwawo anali atachotsedwa. Nthawi yomweyo kampani ya asilikali a parachuti, anthu oposa 100, inatsitsidwa ku Magbeni. Anatsikira mdambo madzi ofika mchifuwa, bomba la mfuti yaikulu yotchedwa mota linavulaza angapo kuphatikizapo mkulu wa kampaniyo, wachiwiri wake nkutenga utsogoleri, ndipo anapitiriza kulanda mudziwo nyumba ndi nyumba. Msilikali mmodzi wa SAS anafa, zigawenga zosachepera 25 zinaphedwa, Kallay anagwidwa wamoyo.

Taonani kagawidwe kake. Kuzonda ndi kulowa pomwe pali ogwidwa anapatsa makomando, chifukwa pamafunika kubisala ndi kuombera mosankha. Kulanda mudzi wonse ndi kutseka mfuti zazikulu anapatsa kampani, chifukwa pamafunika unyinji. Popanda kampani ija mahelikopita akanaomberedwa kuchokera tsidya. Patapita zaka, mu 2006, Britain inakhazikitsa gulu lokhazikika lothandiza makomando pa ntchito ngati imeneyi.

Nanga zikavuta zimavuta bwanji?

Pa 3 Okutobala 1993 ku Mogadishu, likulu la Somalia, makomando a America anapita masana kukagwira akuluakulu a gulu lankhondo la Mohamed Farah Aidid, ntchito yomwe ankayembekeza kuti itenga ola limodzi. Anthuwo anawagwiradi. Koma anali atachitapo ntchito zofanana kangapo mnjira yomweyo, anthu a mumzinda anali ataiphunzira, ndipo mahelikopita awiri anagwetsedwa. Basi gulu lomwe linakonzekera kulowa nkutuluka linakakamizika kusunga malo usiku onse pakati pa mzinda, madzi ndi zipolopolo zikutha, ena atasiya zoonera usiku poganiza kuti abwerera kusanade. Anafa 18, ndipo a Somalia anafa mazanamazana kuphatikizapo anthu wamba. Omwe anakawatulutsa mmawa anali asilikali wamba a America ndi magalimoto achitsulo a asilikali a Malaysia ndi Pakistan.

Vuto lina ndi la mkati. Gulu laling'ono lobisa zinthu, lotamandidwa kwambiri, lotumidwa kunkhondo mobwerezabwereza, litha kuyamba kudziona ngati lili pamwamba pa lamulo. Mu 2020 kafukufuku wa boma la Australia anapeza umboni odalirika oti makomando awo anapha anthu 39 ku Afghanistan mosatsata malamulo, akaidi ndi anthu wamba. Kusankhidwa mokhwima sikumuchotsera munthu kufunika koyang'aniridwa.

Bwanji osangophunzitsa asilikali onse kukhala makomando?

Ndalama ndi nthawi sizingalole, koma ngakhale zikanalola sizingathandize. Ukafuna ambiri umatsitsa muyezo, ndiye watsala ndi dzina lokha. Komanso ukachotsa masajeni onse abwino mmabatalioni kupita nawo ku gulu limodzi, mabatalioniwo amafooka. Ndipo ntchito zambiri zomwe dziko limafuna ndi za unyinji. Kulondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ngati mmene asilikali athu anachitira kumapeto kwa zaka za mma 1980, kumafuna anthu ambiri okhala pamalo miyezi. Ku DRC nako, komwe Malawi inayamba kutumiza batalioni mu 2013 pamodzi ndi Tanzania ndi South Africa pansi pa United Nations, ntchito yoteteza midzi ndi misewu ndi ya batalioni, ndipo ndi nkhondo yeniyeni. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anafera kufupi ndi Beni.

A parachuti ndi apamadzi aku Monkey Bay ndi makomando?

Kudumpha mndege ndi kuyendetsa boti ndi njira zofikira pamalo. Batalioni ya parachuti, ngati yomwe ili ku Salima, ndi asilikali olimba ophunzitsidwa mwapadera, koma mmaiko ambiri a parachuti akafika pansi amamenya ngati kampani ndi batalioni, monga mwaonera pa Magbeni paja. Apamadzi ntchito yawo yaikulu ndi kulondera nyanja ndi kupulumutsa anthu. Chomwe chimapanga gulu kukhala la makomando ndi kasankhidwe kake, kuchepa kwa timagulu take ndi mtundu wa ntchito yomwe limatumidwa. Mmagulu ngati amenewa ndi momwe maiko ambiri amapezamo anthu okayesa ukomando.

Mwana wanga akufuna zimenezi, ayambire pati?

Ayambire pa sukulu, mayi, amalize Fomu 4 bwinobwino. Kulowa kwake nkumodzi, kudzera mu Malawi Defence Force ikalengeza poyera kuti ikulemba anthu, ndipo sukulu yausilikali yodziwika ndi MAFCO ku Salima. Munthu okuuzani kuti mumpatse ndalama kuti mwana alowe, kapena kuti ali ndi njira yachidule yopita ku ukomando, ameneyo ndi wakuba. Za makosi apadera adzazimva ali mkati, kwa akuluakulu ake, atasonyeza kaye kuti ndi msilikali odalirika pa ntchito wamba.

Pokonzekera ayambe ndi kuyenda mtunda wautali ndi katundu opepuka nkumaonjezera pang'onopang'ono, chifukwa kuthamanga ndi chikwama cholemera mwadzidzidzi kumaononga maondo ndi mafupa a miyendo asanafike nkomwe kumayeso. Aphunzire kusambira bwino, nyanja tili nayo, koma asankhe malo otetezeka ku ng'ona ndi mvuu ndipo akhale ndi mnzake. Awerengenso funso lija la kutenthedwa thupi asanayambe.